Phindu lilipo koma ku banki kulibe kanthu: kulemba kashi fulo m'njira ya indayirekiti

"Aphunzitsi, kwatsala masabata asanu kuti ndilembe mayeso a akaunti, koma kashi fulo ya indayirekiti yandikanika. Ndinaloweza kuti sitoko ikakwera timachotsa, ngongole zikakwera timaphatikiza, koma ndikangokhala pa pepala zonse zimasokonekera ndipo nambala yanga ya pansi sigwirizana ndi ya mu balansi shiti. Ndalephera kale kamodzi. Kodi pali njira yoti mutu ugwire?" Wowerenga wa ku Chilenje

Mphwanga, mtima m'malo. Mwa ophunzira onse amene ndakhala nawo m'makalasi a madzulo kuno ku Lusaka, a ZICA ndi a ACCA omwe, ndi ochepa kwambiri amene funso limeneli linawalowa ulendo woyamba. Ndipo pafupifupi onse amene linawagwetsa anagwera pamalo amodzi amene mwatchulawa: analoweza zizindikiro. Kuloweza kumagwira ntchito uli pa mphasa kunyumba. M'chipinda cha mayeso, wotchi ikuthamanga, "kuphatikiza" ndi "kuchotsa" zimasinthana malo osakutsanzikani. Ndiye tiyeni tisiye kuloweza, tione chimene mukuchita kwenikweni mukamalemba lipoti limeneli la mmene ndalama zalowera ndi kutuluka.

Phindu limene lili m'mabuku si ndalama zimene zili m'thumba. Munthu wogulitsa simenti ku Kamwala akapereka matumba 100 kwa kontilakita pa ngongole, m'mabuku mwalembedwa kuti wagulitsa, phindu lakwera, koma m'kabati simunalowe ngakhale ngwee imodzi. Njira ya indayirekiti imayambira pa phindu lomwelo n'kumalikonza pang'onopang'ono mpaka lisanduke ndalama zenizeni. Mzere uliwonse mukufunsa funso limodzi lokha: kodi chinthu ichi chinakhudza phindu mofanana ndi mmene chinakhudzira ndalama? Ngati ayi, kusiyanako ndiko mumalemba. Lamulo lake ndi IAS 7, ndipo limagawa ndalama m'magulu atatu: za ntchito ya tsiku ndi tsiku, za kugula ndi kugulitsa katundu wokhalitsa, ndi za kumene kampani yapeza mpamba, kaya kwa eni ake kaya kwa obwereketsa. Kuzungulira konse kuja kumene kukukuvutani kuli m'gulu loyamba lokha. Magulu awiri enawo amalembedwa chimodzimodzi kaya mwasankha njira ya indayirekiti kapena inzake ya dayirekiti.

Tiyeni titenge kampani yongopeka yogulitsa simenti ndi malata ku Kamwala, chaka chothera pa 31 Disembala 2024. Manambala onse ali m'masauzande a kwacha, ndiye ndikati 420 ndikutanthauza K420,000. Tengani pepala muzilemba limodzi nane, chifukwa kungowerenga ndi maso sikukuthandizani.

Kampaniyi yapanga phindu la 420 msonkho usanachotsedwe. Apa ndiye poyambira. Osayamba ndi phindu la pansi penipeni limene msonkho wachotsedwa kale, chifukwa msonkho uli ndi mzere wakewake kutsogoloku, ndipo mukayamba ndi la pansilo muuchotsa kawiri. Funso likakupatsani phindu la pansi lokha, bwezeranipo kaye msonkho wa chakacho kuti mufike pa loyambira.

Pofika pa 420 ameneyu, wolemba mabuku anachotsa dipulisiyeshoni wa 90. Tsono dzifunseni: analandira ndani 90 ameneyu? Palibe. Galimoto ndi mashelufu zakalamba, mtengo wake watsitsidwa m'mabuku, koma palibe cheke chimene chinalembedwa. Ndalama zinatuluka kale tsiku limene katunduyo anagulidwa. Ndiye timamubwezera. Ophunzira ena amamva ngati dipulisiyeshoni amabweretsa ndalama popeza akuoneka ndi chizindikiro chophatikiza. Ayi ndithu. Tikungofufuta chimene chinachotsedwa popanda ndalama kutuluka.

Chachiwiri ndi chiwongoladzanja cha 30 chimene chinalembedwa ngati ndalama yowonongedwa. Nachonso timachibwezera, koma pa chifukwa china. Ichi ndi ndalama yeniyeni, kungoti 30 ndi chimene kampani inayenera kulipira pa chakacho, osati chimene inalipiradi. Timachichotsa pamwamba pano kuti tikachilembe m'munsi ndi nambala yoona. Tifikako.

Chachitatu ndi chimene chimagwetsa anthu ambiri. M'chakachi kampani inagulitsa lole yake yakale. Inagulidwa pa 150, dipulisiyeshoni wake wa zaka zonse anafika 110, ndiye m'mabuku inatsala ndi mtengo wa 40. Munthu wina anaigula pa 55. Phindu la 15 linalowa m'kati mwa 420 muja. Koma kugulitsa lole si ntchito ya kampani ya simenti, ndipo ndalama zimene zinalowa si 15, ndi 55 yense. Choncho 15 timamuchotsa m'gulu loyamba, ndipo 55 wathunthu akaonekera m'gulu lachiwiri. Mukamusiya 15 pamwamba n'kulembanso 55 m'munsi, mwamuwerengera kawiri. Lole ikanagulitsidwa pa 30, pakanakhala kuluza kwa 10, ndipo 10 ameneyo tikanamubwezera monga tinachitira ndi dipulisiyeshoni.

Pofika pano tili ndi 420, kuphatikiza 90, kuphatikiza 30, kuchotsa 15. Zikutipatsa 525.

Tsopano tibwere pa zinthu zitatu zimene munaloweza zija. Ndikupemphani kuti muiwale kaye lamulolo, muime m'sitolomo muyang'ane.

Kumayambiriro kwa chaka munali katundu wa 210, kumapeto muli wa 290. Matumba a simenti achuluka, malata aunjikana mpaka kudenga. Anabwera okha? Anagulidwa. Koma phindu limangochotsa mtengo wa katundu amene wagulitsidwa, silidziwa za amene akadali m'sitolo. Ndiye pali 80 amene anatuluka m'thumba phindu osamuona. Timachotsa 80.

Makasitomala amene anatenga katundu pa ngongole anali ndi 180 kumayambiriro, pano ali ndi 250. Kabuku ka ngongole kanenepa ndi 70. Phindu linawerengera malonda amenewo ngati atheka, koma ndalama zikadali m'matumba a makontilakita. Timachotsa 70.

Nayo kampani ili ndi amene inawatengera katundu isanalipire: 150 kumayambiriro, 185 kumapeto. Apa zatembenuka. Katundu wa 35 tinamulandira, koma ndalama yake ikadali kwa ife. Timaphatikiza 35. Wina atha kufunsa kuti nanga sitoko ija sitinanene kuti yonse inagulidwa ndi ndalama? Eya, tinachotsa 80 yense ngati kuti tinalipira, ndipo 35 uyu ndiye akukonza gawo limene sitinalipire. Mizere iwiriyi imayendera limodzi.

Mukafuna kachidule koti muzikumbukira, ndi aka: chathu chikachuluka, ndalama zachepa chifukwa zamangika m'menemo, cha eni chikachuluka m'manja mwathu, ndalama zatsala. Zikatsika, tembenuzani. Koma ine ndimakonda kuti wophunzira aone m'maganizo mwake mulu wa matumba uja, chifukwa chithunzi sichithawa ngati mmene mawu oloweza amathawira.

525 kuchotsa 80, kuchotsa 70, kuphatikiza 35: tatsala ndi 410. Izi ndi ndalama zimene malonda enieni abweretsa.

Apa mpamene pamafunika kakawerengedwe kapambali, ndipo oyesa mayeso amapakonda chifukwa nambala yake saipereka poyera. Msonkho wa chakachi m'lipoti la phindu ndi 126. Wophunzira wothamanga amangokopera 126 n'kupita. Koma taonani mu balansi shiti: kumayambiriro kampani inali ndi ngongole ya msonkho ya 95, kumapeto ili ndi 110. Ganizani ngati ngongole ya pa kantemba. Munali ndi 95, mwatenganso za 126, ndiye mukanapanda kulipira kanthu bwenzi muli ndi 221. Koma mwini kantemba akuti mwatsala ndi 110. Ndiye kuti munalipira 111. Imeneyo ndiyo inapitadi ku ZRA, ndipo ndiyo timalemba.

Chiwongoladzanja chija n'chimodzimodzi. Chosalipidwa chinali 5 kumayambiriro, cha chakachi ndi 30, chotsala kumapeto ndi 8. Cholipidwa ndi 27. Chenjezo limodzi apa: nthawi zina chiwongoladzanja chosalipidwachi amachibisa m'kati mwa ngongole za ogulitsa katundu, n'kungonena m'mawu a pansi pa funso. Zikatero chipatuleni kaye musanawerengere kusintha kwa ngongolezo, apo ayi kusiyana kwa 3 pakati pa 5 ndi 8 kuoneka malo awiri.

410 kuchotsa 27 ndi 111 kukutsala 272. Gulu loyamba latha, ndipo malikisi ambiri a funsoli ali m'menemu. Pa kompyuta ya mayeso kapena pa pepala lanu zizioneka motere:

```
Profit before tax                  420
Depreciation                        90
Interest expense                    30
Profit on disposal                 (15)
Increase in inventories            (80)
Increase in receivables            (70)
Increase in payables                35
Cash generated from operations     410
Interest paid                      (27)
Income tax paid                   (111)
Net cash from operating activities 272
```

Gulu lachiwiri lili ndi msampha umodzi waukulu. Katundu wokhalitsa anali 600 kumayambiriro, pano ndi 770. Ndaona mapepala osawerengeka olembedwa kuti kampani inagula katundu wa 170. Si zoona. Kampani ikanapanda kugula kanthu, 600 uja sakanakhala 600. Akanatsika ndi dipulisiyeshoni wa 90, akanatsikanso ndi 40 wa lole imene yachoka, n'kutsala 470. Kuti achoke pa 470 kufika pa 770, panagulidwa katundu wa 300. Onetsetsani kuti pa kawerengedwe aka mwachotsa 40, mtengo wa lole wa m'mabuku, osati 55 amene inagulitsidwira, osatinso 150 amene inagulidwira kalekale. Manambala atatu onsewa ali m'funso dala, kuti aone ngati mukudziwa lililonse kumene limapita. 150 akanagwira ntchito funso likanakupatsani mtengo wogulira payokha ndi dipulisiyeshoni payekha, pamenepo mumatsegula maakaunti awiri. Ndiye gulu lachiwiri: 300 watuluka, 55 walowa, zonse pamodzi 245 watuluka.

Gulu lachitatu silivuta. Masheya achoka pa 400 kufika pa 500, eni ake aikamo 100. Ngati pali akaunti ya ndalama yapamwamba imene anthu analipira kuposa mtengo wolembedwa wa sheya, phatikizani kusintha kwa maakaunti onse awiri. Masheya a bonasi sabweretsa ndalama, amangosamutsa manambala. Loni ya ku banki yatsika kuchoka pa 300 kufika pa 250, ndiye 50 wabwezedwa.

Madividendi ndiwo amabisala. Funso lathu silikunena kuti analipira zingati, koma phindu losungidwa likuulula. Linali 85. Phindu la chakachi msonkho utachoka ndi 420 kuchotsa 126, kutsala 294. Pamodzi bwenzi lili 379, koma balansi shiti ikuonetsa 239. Kusiyana kwa 140 kunapita kwa eni masheya. Taonani kuti apa tagwiritsa ntchito 126, msonkho wa m'mabuku, osati 111, chifukwa tikutsata akaunti ya phindu osati ya banki. Ndipo dividendi imene akuluakulu a kampani angolengeza chaka chitatha kale ilibe malo m'lipoti la chaka chino. 100 kulowa, 50 ndi 140 kutuluka: 90 watuluka.

```
Net cash from operating activities   272
Net cash used in investing          (245)
Net cash used in financing           (90)
Net decrease in cash                 (63)
Cash and cash equivalents, opening    45
Cash and cash equivalents, closing   (18)
```

Tsono mukayang'ana mu balansi shiti ya kumapeto mupeza kuti ndalama zalembedwa 7, osati 18 wa m'mabulaketi. Ndikukayikira kuti penapake apa mpamene inu mumakomokera. Tsikirani m'munsi, ku ngongole za nthawi yochepa. Kuli ovadilafuti ya 25. Ovadilafuti imene banki ingaitanitse nthawi iliyonse, imenenso kampani imaigwiritsa ntchito ngati mbali ya kayendetsedwe ka ndalama zake za tsiku ndi tsiku, imawerengedwa pamodzi ndi ndalama, osati ngati loni. 7 kuchotsa 25 ndi 18 wa m'mabulaketi. Zagwirizana. Mbali ya katundu wa kampani nayo muziyang'ana: ndalama zoikidwa kwa kanthawi kochepa, kawirikawiri miyezi itatu kapena kucheperapo kuyambira tsiku loziika, monga matirezhale bilu a masiku 91 amene amagulitsidwa kudzera ku Bank of Zambia, zimatha kuwerengedwa ngati ndalama. Funso limanena ngati likufuna kuti muzitenge motero.

Imani kaye muwerenge chimene mwalembachi ngati mwini sitolo. Phindu 420, koma akaunti ya ku banki yalowa m'madzi. Malonda enieniwo ali bwino, abweretsa 272. Koma kampani yagula katundu wa 300, yagawa 140 kwa eni ake, pamene 150 wamangika m'matumba a simenti ndi m'kabuku ka ngongole. Ine ndikanakhala wowalangiza ndikanati dividendi ija inakula msanga. Mafunso ena amapempha ndemanga yotere ya mizere itatu kapena inayi, ndipo ndi malikisi osavuta kwa amene wamvetsa nkhani ya manambala ake.

Nanga zikakana kugwirizana? Choyamba, musafufute chilichonse. Pezani kusiyana pakati pa nambala yanu ndi yoyenera, muigawe pawiri. Mukapeza kuti theka lakelo ndi nambala imene ili pa pepala lanu, ndiye kuti mwaiika chizindikiro cholakwika. M'chitsanzo chathu, mutaphatikiza 70 wa makasitomala m'malo momuchotsa, mudzasiyana ndi 140. Mwatsoka 140 ndi dividendinso, choncho yang'anani zonse ziwiri: kapena mwatembenuza 70, kapena mwaiwala dividendi. Kusiyana kukakhala 15, lole ija yakulumani. Kukakhala 25, ndi ovadilafuti. Kukagawika ndi 9 popanda chotsala, onani ngati simunatembenuze manambala pokopera, monga kulemba 27 ngati 72.

Chachiwiri ndi chizolowezi chimene ndimaumiriza aliyense wa m'kalasi mwanga, ngakhale ena amadandaula kuti n'chachikale. Musanawerengere kalikonse, lembani mafupa a lipoti lonse, mitu itatu ija ndi mipata yake. Kenako yendani mu balansi shiti kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza, ndipo mzere uliwonse muutengere kwawo: kaya molunjika m'lipoti, kaya ku kawerengedwe kapambali. Mukautenga, uchongeni. Mukatero chitani chimodzimodzi ndi lipoti la phindu, kenako mawu a pansi pa funso. Chifukwa chake n'chakuti balansi shiti zonse ziwiri n'zolingana kale mbali zake, ndiye ngati kusintha kwa mzere uliwonse kwalowa kamodzi kokha ndi chizindikiro choyenera, nambala ya pansi singachitire mwina koma kugwirizana. Mzere wopanda chochonga ndiwo wakuba wanu. Ine ndemwe, ndili wophunzira, ndinataya pafupifupi theka la ola kusakasaka kusiyana kumene kunali akaunti imodzi ya msonkho imene ndinailumpha, ndipo funso lotsatira ndinalilemba mothamanga ngati wothawa mvula.

Pamenepo mpamene pali langizo lachitatu: musafere pa nambala ya pansi. Pa mafunso aatali olemba ndi manja kapena pa sipuredishiti, malikisi amagawidwa mzere ndi mzere. Mukalakwitsa msonkho mwataya za msonkho zokha, zinazo mwatenga, bola ochonga aone mmene mwawerengera. Choncho kawerengedwe kapambali kalembeni poyera, mukapatse nambala, ndipo m'lipoti musonyeze kumene nambala yachokera. Nthawi ya funsolo ikatha, lisiyeni momwemo mupite kutsogolo. Pa mapepala a mafunso afupiafupi a pa kompyuta zimasiyana: kumeneko amakufunsani chidutswa chimodzi, monga msonkho wolipidwa kapena katundu wogulidwa, ndipo yankho limakhala lolondola kapena lolakwa basi. Ndiye mawerengedwe atatu aja, a msonkho, a katundu wokhalitsa ndi a dividendi, muwazolowere mpaka dzanja lizilemba lokha.

Pali china chimene muyenera kufunsa aphunzitsi anu sabata ino. IAS 7 mmene yakhalira zaka zonsezi imalola kuti chiwongoladzanja cholipidwa chikhale m'gulu loyamba kapena lachitatu, madividendi olipidwa chimodzimodzi, ndipo mayeso ambiri anazolowera mmene ndalembera pamwambapa. Koma lamulo latsopano la IFRS 18, limene linatuluka mu Epulo 2024 ndipo likuyamba kugwira ntchito pa zaka zoyambira pa 1 Januwale 2027, lasintha zina: njira ya indayirekiti iziyambira pa phindu la ntchito za kampani, lija la pamwamba chiwongoladzanja ndi msonkho zisanachoke, ndipo kwa makampani ambiri chiwongoladzanja cholipidwa chizipita m'gulu lachitatu pamodzi ndi madividendi. M'chitsanzo chathu mukanayambira pa 450, osabwezeranso 30, ndipo 27 akanatsikira pansi: gulu loyamba 299, lachitatu 117 wotuluka, nambala yomaliza 63 yomweyo. Onani mndandanda wa malamulo oyesedwa pa mayeso anu enieniwo kuti mudziwe kalembedwe kamene akufuna, makamaka ngati buku lanu munabwereka kwa amene analemba zaka zapitazo.

Chitsanzo changachi ndachisiya chopepuka dala. Mukakumana ndi katundu amene mtengo wake wakwezedwa m'mabuku, kumbukirani kuti kukwezako kumalowa m'kawerengedwe ka katundu wokhalitsa ngati chowonjezera chopanda ndalama, ndiye kumachepetsa nambala ya zogulidwa. Msonkho wochedwetsedwa mumauphatikiza ndi ngongole ya msonkho, kumayambiriro ndi kumapeto komwe, n'kuwerengera monga tinachitira. Koma mafunso a katundu wochita lendi pa lizi ndi a gulu la makampani kumene ina yagulidwa pakati pa chaka musalimbane nawo nokha usiku. Amenewo khalani pansi ndi mphunzitsi kapena mnzanu amene anakhoza kale pepalalo, akuoneni mukulemba, chifukwa cholakwa chake chimaoneka msanga ndi wachiwiri.

Pa masabata asanu amenewa, chitani funso limodzi lathunthu tsiku lililonse kwa masiku khumi, wotchi ili patebulo, yankho mutaliphimba. Yambani ndi la simentili mawa m'mawa osayang'ana mayankho anga, kenako musinthe: sitoko itsike kuchoka pa 290 kufika pa 210, lole igulitsidwe pa 30, muone mizere imene yatembenuka. Pepala limene lakana kugwirizana musalitaye. Lembani pamwamba pake kusiyana kwake ndi chimene chinachititsa, ndipo ngati pofika funso lachisanu cholakwa chikadali chimodzimodzi, nditumizireni pepalalo ndilione.